Lachiwiri: magetsi sanazime, koma makina anaima

Nthawi itangopitirira 2 koloko masana, mvula ikugunda chapatali, mababu a mufakitale anaphethira kamodzi. Ambiri sanazindikire n'komwe. Koma makina opanga mapaipi a pulasitiki anaima pomwepo, pampu ya madzi oziziritsa nayo inakhala chete, ndipo paipi imene inali kutuluka inapindika n'kuuma. Kuchotsa pulasitiki woumira m'kati ndi kuyambitsanso mzere wonse kunadya masana onse.

Bwana oyang'anira ntchito anabwera atakwiya. “Amisiri, magetsi sanazime, makompyuta a muofesi akuyaka, nanga makina anuwa aimiranji?” Funso lawo linali loyenera. Ndinawapempha kuti tiyambe taona zimene kachipangizo kojambula voteji kasunga, kamene tinakamangirira pa bolodi lalikulu.

Kanaonetsa kuti voteji pa mawaya onse atatu a magetsi, amene timati mafezi, inatsika kufika pa 57 peresenti ya mlingo wake wa nthawi zonse, inakhala pamenepo mamilisekondi 160, kenako inabwerera bwinobwino. Pa magetsi a 50 Hz, kuzungulira kumodzi kumatenga mamilisekondi 20, choncho vuto lonse linatha m'mizungulo isanu ndi itatu. Kumeneku si kuzima kwa magetsi. Muyezo wa IEEE 1159 umati voteji ikatsika n'kukhala pakati pa 10 ndi 90 peresenti, kwa nthawi yoyambira theka la mzungulo mpaka mphindi imodzi, ndiko kutsika kwa kanthawi kumene tikunena pano. Bulekala yathu sinatseguke, nthambo yathu sinaduke. Ngoziyo inachitikira pa nthambo ya anthu ena.

Apa ndi pamene bwana anandiyang'ana mokayika, ndipo ndinatenga pepala. Fakitale yathu imalandira magetsi kuchokera ku sabusiteshoni ya 11 kV, ndipo pa chitsulo chimodzi cha sabusiteshoniyo pamachoka nthambo zingapo zopita mbali zosiyanasiyana. Mphezi ikagunda imodzi mwa nthambozo, kapena mtengo ukagwera pa mawaya, karenti yochuluka kwambiri imathamangira pamalo angoziwo. Karentiyo imadutsa mu thiransifoma ya pa sabusiteshoni, imene tonse timadyerapo, ndipo voteji yambiri imathera m'menemo. Yotsala pa chitsulo chija ndi imene aliyense amalandira, ngakhale amene nthambo yake ilibe vuto. Zili ngati paipi yaikulu yamadzi ikaphulika mumsewu woyandikana nawo: mipopi yonse ya m'deralo imayamba kudontha pang'onopang'ono mpaka wina atatseka valavu ya paipi yophulikayo.

Masamu ake ndi osavuta:

```
V = Zf / (Zs + Zf)
```

V ndi gawo la voteji lotsala pa chitsulo chija, Zs ndi kukaniza kwa mbali imene magetsi akuchokera, Zf ndi kukaniza kwa nthambo kuchokera pa sabusiteshoni kukafika pangozi. Ndinayerekeza kuti sabusiteshoni yathu ili ndi mphamvu ya 200 MVA pa nthawi ya ngozi. Pa 11 kV zimenezo zimapereka Zs ya maomu pafupifupi 0.6. Nthambo ya pamitengo tingaiwerengere maomu 0.4 pa kilomita. Ngozi ikachitika makilomita 2 kuchokera pa sabusiteshoni, Zf ndi 0.8, ndipo 0.8 kugawa ndi 1.4 kumatipatsa 57 peresenti, zofanana ndi zimene tinajambula. Ikachitika pa makilomita 5, timatsala ndi 77 peresenti. Kuti voteji isatsike pansi pa 90 peresenti, ngoziyo iyenera kukhala kutali makilomita oposa 13. Tsono taganizani nthambo zonse zochoka pa sabusiteshoni imodzi, iliyonse makilomita khumi ndi atatu: mtengo uliwonse ndi mphezi iliyonse m'dera lonselo zikhoza kutiimitsira makina. Ngozi za pa nthambo zikuluzikulu za 132 kV zimamveka kutali kuposa apa, chifukwa masabusiteshoni ambiri amadyera pamenepo.

Choncho mtunda ndi umene umanena kuti voteji itsika kufika pati. Koma kutalika kwa nthawi kumachokera kwina: ndi nthawi imene rile yozindikira ngozi ndi bulekala za pa nthambo yangoziyo zimatenga kuti ziidule. Mamilisekondi 160 akusonyeza kuti chitetezo cha kumeneko chinagwira ntchito yake mwachangu. Ndimafuna anthu amvetse zimenezi asanayambe kudzudzula kampani ya magetsi. Ngakhale itasamala bwanji nthambo zake, mphezi siingailetse, ndipo bulekala singatseguke ngozi isanachitike.

Titamaliza za papepala tinapita ku kabati ya makina kukaona zimene zinagonja. PLC, kompyuta yolamulira makinawo, sinazime, wotchi yake ndi zolemba zake zinali bwinobwino. Kabokosi kamene kamaipatsa 24 V kamalandira voteji iliyonse kuyambira 85 mpaka 264 V, ndipo 57 peresenti ya 230 V ndi pafupifupi 131 V, choncho sikanamve kanthu. Makompyuta a muofesi anapulumuka pa chifukwa chomwecho.

Woyamba amene tinamupeza atagwa anali kontakitala, swichi ya maginito yoyatsa pampu ya madzi. Kachipangizo kameneka n'kotsika mtengo poyerekeza ndi zonse za m'kabatimo, koma ndi kamene kamandidetsa nkhawa kwambiri. Koyilo yake ya 230 V imapanga maginito amene amakoka chitsulo polimbana ndi sipuling'i. Pa magetsi a AC maginitowo amafooka kawiri pa mzungulo uliwonse, ndipo mulibe mosungira mphamvu. Voteji ikatsika, sipuling'i imapambana m'kati mwa mzungulo umodzi kapena iwiri. Muyezo wa IEC 60947-4-1 umalola kontakitala ya AC kumasuka penapake pakati pa 75 ndi 20 peresenti ya voteji yake, ndiye kuti ziwiri zooneka zofanana zikhoza kuchita mosiyana pa ngozi imodzi. N'chifukwa chake kompuresa, imene ili pa bolodi lomwelo, inapitiriza kulira. Choipa china n'chakuti kontakitala yathu imadzigwira yokha kudzera pa kamlomo kake kothandizira. Ikangomasuka, njira ya koyilo yaduka, ndipo voteji ikabwerera siitsekanso mpaka munthu atadina batani. Kutsika kwa mamilisekondi 160 kumasanduka kuima kwenikweni. PLC itaona kuti madzi sakuyenda, inaimitsa mzere wonse monga inalamulidwira.

Wachiwiri anali dilaivi, chipangizo cholamulira liwiro la mota yaikulu, ya 30 kW. Pa sikirini yake panalembedwa `DC BUS UNDERVOLTAGE`. Dilaivi imatenga 400 V ya mafezi atatu n'kuisandutsa DC ya pafupifupi 540 V, imene imasungidwa m'makapasita. Voteji yolowa ikatsika kufika pa 57 peresenti, imangokwanitsa kupereka 308 V kapena chapompo, ndiye madayodi amasiya kulowetsa karenti, ndipo mota imayamba kudya za m'makapasita mokha. Mnyamata amene akuphunzira ntchito kwa ine anafunsa kuti, “Nanga makapasita akuluakulu aja sangapirire kanthawi kochepa chonchi?” Tinawerengera limodzi. Makapasita a dilaivi yathu ndi okwana 3000 µF, ndipo imadzizimitsa DC ikafika cha pa 400 V. Mphamvu imene ilipo pakati pa 540 ndi 400 V ndi theka la kukula kwa makapasitawo kuchulukitsa ndi kusiyana kwa masikweya a mavoteji awiriwo, ndipo imakwana majulu pafupifupi 197. Mota inali kukoka 25 kW. Majulu 197 pa 25 kW amatha m'mamilisekondi 8, osakwana ngakhale theka la mzungulo. Mnyamatayo anabwereza masamuwo payekha asanakhulupirire. Makapasitawo anaikidwa kuti asalaze DC, osati kuti ayendetse mota magetsi akasowa. Ndipo dilaivi imadzizimitsa dala, chifukwa voteji ikabwerera mwadzidzidzi makapasita atatsika kwambiri, karenti yolowa ikhoza kutentha madayodi.

Pali chinthu chimodzi chimene chinandithandiza kumvetsa masiku ena apitawo, pamene makontakitala ankagwa koma dilaivi n'kupitiriza. Ngozi zambiri pa nthambo zimakhudza fezi imodzi yokha, yogunda pansi. Zikadutsa mu thiransifoma yathu ya mtundu wa Dyn11, mafezi awiri amatsika, osapitirira pansi pa 58 peresenti, ndipo lachitatu limakhala lonse. Koyilo imene yalumikizidwa pa fezi yotsikayo imamasuka, pamene dilaivi imapezabe voteji yokwanira pakati pa mafezi ena. Lero mafezi onse anatsikira limodzi, n'chifukwa chake zonse ziwiri zinagonja.

Chakumadzulo bwana anati mwina tigule jenereta yaikulu. Ndinawauza mwaulemu kuti jenereta singathandize pa vuto ili: imatenga masekondi angapo kuti ilire ndi kulandira katundu, pamene ngozi yathu yabwera n'kupita sekondi imodzi isanakwane. Sitebilaiza ya mota yoyendetsa burashi nayonso imachedwa chimodzimodzi. Mankhwala enieni ali m'kabati momwemo. Makoyilo a makontakitala ofunika tiwasinthe akhale a 24 V DC, adyetsedwe ndi kabokosi kokhala ndi makapasita osungira mphamvu kwa theka la sekondi, kapena dera lonse lolamulira tilipatse chosungira magetsi cha mabatire, UPS yaing'ono ya mtundu umene sudukiza posintha. Pa dilaivi, titsegule njira imene imailola kuchepetsa liwiro la mota pang'ono n'kukolola mphamvu ya kuzungulira kwake kuti DC isagwe, komanso njira yoigwiranso mota ikadali kuzungulira. Ndinachenjeza kuti chitsulo chozungulira chokankha pulasitiki wolimba chimaima msanga, choncho njira yoyambayo singapirire nthawi yaitali pa makina amenewa monga ingachitire pa fani yaikulu. Tiyenera kuyesa tisanalonjeze.

Chimene sindidzavomera ndi kulola makina kudziyambitsa okha pamalo pamene anthu amalowetsa manja. Kudzigwira kwa kontakitala kuja kunaikidwa poteteza anthu. Tikufuna kuti isamasuke pa kutsika kwa kanthawi, koma magetsi akazimadi, kapena wina akadina batani lofiira, iyenera kumasuka ndi kudikira munthu.

Ndisanaweruke ndinalemba pempho loti pa zipangizo zatsopano tizifunsa ogulitsa ngati zikukwaniritsa SEMI F47. Muyezo umenewu unapangidwira mafakitale a matchipi a makompyuta, koma malire ake ndi othandiza kwa aliyense: chipangizo chipirire 50 peresenti kwa mamilisekondi 200, 70 peresenti kwa theka la sekondi, ndi 80 peresenti kwa sekondi imodzi. Kutsika kwa lero, 57 peresenti kwa mamilisekondi 160, kuli m'kati mwa malire amenewo. Mawa ndiyamba ndi kontakitala ya pampu: ndiilumikiza pa thiransifoma yosinthasintha voteji, nditsitse pang'onopang'ono, ndilembe pamene ikumasukira, kenako ndichite chimodzimodzi ndi zina zonse za pa mzerewo.