Kabuku ka zolakwa kamene kanandikonzera masamu a Giredi 12

Pokonzekera mayeso a ECZ kuno ku Chipata, ndinagula kabuku ka masamu ku msika wa Kapata, koma sindinkawerengeramo samu zatsopano. Munkalowa mafunso okhawo amene ndalephera m'mapepala a zaka zakale ndi pa moko.

Tsamba lililonse ndinaligawa panayi: chaka ndi nambala ya funso, mzere weniweni umene samu inapotokera, yankho loyenera, ndi chifukwa chake. Pepala ndinkalemba nditatchera nthawi, Pepala 1 popanda kakyuleta monga zimakhalira m'chipinda cha mayeso, kenako n'kuchonga tsiku lomwelo ndisanaiwale mmene ndinaganizira.

Gawo la chifukwa ndilo lili ndi ntchito. Kulembamo kuti "kusasamala" n'kutaya inki, chifukwa mawu amenewo sakuuzani choti mukonze. Ine ndinkasankha pa zinayi: sindidziwa njira, ndawerenga funso molakwa, dzanja laphonya pakati pa samu, kapena nthawi yatha.

Mapepala atachulukirako ndinawerenga kabuku konse nthawi imodzi. Poyang'ana mitu, zinkaoneka ngati ndine wofooka paliponse: kwadiratiki, matirikisi, giradiyenti. Poyang'ana mizere imene ndinakopera, nkhani inali ina. Pa 2x² − 3x − 7 = 0, powerengera b² − 4ac ndinalemba 9 − 56 = −47, pamene 9 − 4(2)(−7) ndi 65. Pa ditaminanti ya matirikisi ya mizere (3, −2) ndi (4, 5) ndinapeza 7, koma 15 − (−8) ndi 23. Pa giradiyenti ya (−1, 4) ndi (3, −2), pansi ndinaika 3 − 1 m'malo mwa 3 − (−1), ndiye kunatuluka −3 m'malo mwa −3/2. Mitu itatu, nthenda imodzi: mainasi ikakumana ndi inzake, imodzi inkasowa. Ndikanangolemba mayina a mitu, bwenzi nditabwereza machaputala atatu amene njira zake ndinkazidziwa kale.

Mankhwala ake anali otopetsa koma achidule. Nambala iliyonse ya mainasi ndinayamba kuitsekera m'mabulaketi poilowetsa m'fomula, ndipo mzere umenewo ndinkaulemba wonse, osaudumpha ndi mutu. Ndinaphunziranso kukayikira: funso likafuna mayankho a madesimo awiri koma pansi pa sikweya ruti patuluka mainasi, ndimabwerera kukaona chizindikiro.

Funso lolowa m'kabuku ndinkalibwereza patapita masiku angapo, yankho nditaliphimba. Kulibwereza pompo kumanyenga, poti mutu umangokumbukira zimene wangoona. Ndinkalikhwatcha pokhapokha ndikakhoza lina lofanana nalo la chaka china.

Olembedwa kuti "sindidziwa njira" kabuku sikangawachize. Amenewo ndinkapita nawo kwa aphunzitsi tikaweruka, n'kuwaonetsa mzere umene ndinaimira, iwo n'kuyambira pomwepo.