Kalata imene inatipatsa ntchito yoyamba ya chaka chonse

Mwezi uno takwanitsa chaka tikuyang'anira mafuta a malole onyamula kachewere kuchoka ku Ulongwe kupita ku Tete. Ntchitoyi tinaipeza ndi kalata ya tsamba limodzi, ndipo timainyadira.

Kalata yoyamba a Diretori a kampani ya malolewo anaikana. Tinapempha ndalama zoika zida zoyeza mafuta pa malole onse 10, tikungoti mafuta akubedwa, popanda umboni. Yachiwiri tinailemba titakhala pansi ndi malisiti a miyezi itatu. Malole atatu amene tinasankha ankagula malita 3,600 a dizilo pamwezi, koma makilomita amene anayenda ankafuna malita 3,300 okha.

Ndiye tinalemba kuti: "Olemekezeka a Diretori, tikupempha tiyese pa malole atatu okha. Chida choyeza mafuta m'thanki pamodzi ndi GPS ndi kuika komwe ndi metikali 18,000 pa lole imodzi, zonse 54,000. Intaneti ya makadi atatu ndi 1,500 pamwezi. Pa malita 300 amene akusowa, ife tikulonjeza kupulumutsa 150. Pa mtengo wa 90 pa lita, ndi 13,500 pamwezi, ndipo mukachotsa za intaneti mutsala ndi 12,000. Ndalama yanu idzakhala itabwerera mwezi wachisanu usanathe."

Tinalonjeza theka mwadala, chifukwa chidachi sichigwira zonse. Wopopa m'thanki ndi payipi amaonekera pompo, koma wodontheza pang'onopang'ono pa payipi yobwezera mafuta m'thanki amadziwika pokhapokha mukayerekeza malita ndi makilomita a ulendo wonse.

Kalata itavomerezedwa ndi pamene tinaona zokhoma. Amene anatigulitsa zida anatitumizira ndodo zoyezera zazifupi zosafika pansi pa thanki, kenako anasiya kuyankha foni. Ndalama yathu anadya, mwiniwake akudzidziwa. Tinagula zina ndi ndalama yobwereka kwa abale. Ndodo imadulidwa molingana ndi kuya kwa thanki, kusiya kampata kakang'ono pansi kuti isakhudze madzi ndi zinyalala. Mukatero mumakhuthula thanki n'kumathira malita 20 nthawi iliyonse, mukulemba zimene chida chikuwerenga mpaka kudzaza. Mukadumpha zimenezi, thanki yobulungira imakunamizani.

Sabata yoyamba foni ya a Diretori inkalira ndi uthenga wa chidacho pa chitunda chilichonse, poti mafuta amakhavukira mbali imodzi. Tinakonza kuti uthenga uzibwera ngati lole yaima, injini yazima, ndipo malita oposa 10 atsika m'mphindi zisanu.

Tikuthokoza a Diretori potiwerengeranso kalata titalephera koyamba, a kalaliki amene anatifukulira malisiti, amakanika amene anaboola mathanki mosamala, madalaivala amene anatilandira ngakhale poyamba ankatiyang'ana ndi diso lofiira, komanso abale athu amene anatibwereka ndalama ya ndodo zija.

Ngati muli ndi lole, thirakitala kapena jenereta ku Angonia, Tsangano kapena Moatize, bwerani ndi malisiti a miyezi itatu. Kuwerengera ndi kulemba kalata yopita kwa abwana anu sitilipiritsa.