Mmene ndinakulitsira renda ya mapikiseli 1216 mpaka kukwana pa bolodi la A1

Renda, chithunzi chopangidwa pa kompyuta choonetsa maonekedwe a nyumba, inali ya nyumba yansanjika ziwiri, khoma la njerwa kutsogolo, khonde lokhala ndi zitsulo zopyapyala zotchingira, mitengo mbali ina ndi timunthu tiwiri tikuyenda chapatali. Ndinaipanga ndi SDXL, modelo ya AI yopanga zithunzi kuchokera pa mawu omwe walemba, ndipo inatuluka 1216 x 832, pa sikirini inkaoneka bho zedi moti sindinaganize kuti pangakhale vuto. Vuto linabwera pomwe anandiuza kuti ikufunika pa bolodi la A1 logona chopingasa, lomwe ndi 841 mm mulitali ndi 594 mm msinkhu, ndipo anthu adzaliyang'ana ataima pafupi, mwina sitepe imodzi kuchoka pamenepo.

Ndinayamba ndi masamu, ndipo inuyo muyambirenso pamenepo musanatsegule pulogalamu iliyonse. 594 mm ndi mainchi 23.4, ndiye mapikiseli 832 mukawagawa pa mainchi amenewo mukupeza pafupifupi 36 pa inchi iliyonse. Zimenezo pa pepala ndi phala lenileni, njerwa sizingaoneke kuti ndi njerwa. Anthu ambiri amangoti chilichonse chopulinta chikhale 300 pa inchi, koma imeneyo ndi ya buku kapena chithunzi chogwira m'manja. Diso labwinobwino likakhala mita imodzi kuchoka pa pepala limasiyanitsa mpaka cha m'ma 87 pa inchi basi, pa 60 cm ndi cha m'ma 146. Ndiye ine ndinasankha 150, kuti ngakhale uja wokonda kuyandikitsa mphuno asadandaule kwambiri. Opulinta anati ndiwonjezere 3 mm mbali zonse zoti adzadule, ndiye 847 x 600 mm, pa 150 zikubwera 5002 x 3543. Kukulitsa ka 4.26 kuchoka pomwe ndinali. Ndikanakakamira 300 bwenzi ndikufuna mapikiseli oposa 10000 mulitali, pomwe pafupifupi onsewo akanakhala ongopeka makina.

Kupeka kumeneko ndiye nkhani yonse. Mu renda ya 1216 mulibe tinthu ting'onoting'ono tobisika toti pulogalamu ikatifukule ayi. Mzere wa matope pakati pa njerwa unali pikiseli imodzi kapena ziwiri, basi zomwe zilipo ndi zomwezo. Chilichonse chowonjezera ndi chojambula chatsopano, ndiye ntchito yanga inali kuyang'anira kuti zopekazo zikugwirizana ndi nyumba yomwe ndinali nayo, osati nyumba ina.

Ulendo woyamba ndinachita zaulesi, ndinangoponya mu Real-ESRGAN, modelo yokulitsa zithunzi, kamodzi n'kamodzi:

```
realesrgan-ncnn-vulkan -i renda.png -o renda_x4.png -n realesrgan-x4plus -s 4
```

Inatuluka 4864 x 3328 mosachedwa, ndipo ukaiona yonse pa sikirini umati eya zatheka. M'mphepete mwa denga ndi mawindo munali mowongoka bwino, pamenepo modelo imeneyi ndi katswiri sindinganame. Koma nditapanga zumu kufika 100% njerwa zinali zosalala ngati zapulasitiki, kukhakhala konse kuja kwapita, masamba a mitengo anasanduka timizeremizere topindika ngati wina wapaka penti ndi chala, udzu nawo chimodzimodzi. Chifukwa chake n'choti modelo imeneyi anaiphunzitsa kuyeretsa zithunzi zowonongeka, ndiye ikaona timadontho ta kukhakhala kwa khoma imatiyesa zinyalala n'kutipukuta. Chizindikiro chake n'chosavuta, m'mphepete mwa zinthu mukuthwa kwambiri koma m'kati mwake muli see ngati sopo.

Ndiye ndinabwerera ku chiyambi n'kuyenda pang'onopang'ono, ka 2 kenako ka 2 kenanso, pogwiritsa ntchito img2img, pomwe modelo imajambulanso chithunzi chomwe chilipo kale, moduladula chithunzicho m'mathailosi. Ine ndinagwiritsa ntchito Ultimate SD Upscale ndi modelo yomwe ija inapanga renda yoyamba, chifukwa mukasintha modelo mtundu ndi kawalidwe zimasinthanso. Kagwiridwe kake n'koti chithunzi chimayamba chakulitsidwa ndi ESRGAN, kenako chimadulidwa m'mabokosi a 1024 x 1024, bokosi lililonse n'kujambulidwanso mopepuka kuti kukhakhala kubwerere. SDXL inazolowera kukula kumeneko, komanso khadi la zithunzi silingadzaze memore, n'chifukwa chake timadula.

Nambala yomwe inandidyera madzulo onse ndi `denoising strength`. Imeneyi ndi yomwe imauza modelo kuti ili ndi ufulu wochuluka bwanji wosintha zomwe yapeza. Ndinayamba ndi 0.45 poganiza kuti ndipeza zambiri, ndipo zambiri ndinazipezadi koma zolakwika, zitsulo za pakhonde zina zinapindika zina zinalumikizana, windo limodzi linamera chogawa pakati chomwe kunalibe, ndipo pa mtambo wina panayamba kutuluka kadenga. Ndikatsitsa kufika 0.15 palibe chikusintha, pulasitiki yemwe uja. Pa ulendo woyamba, wochoka 1216 x 832 kufika 2432 x 1664, ndinakhazikika pa 0.3. Pa wachiwiri, wofika 4864 x 3328, ndinatsitsa kufika 0.2, chifukwa apa thailo lililonse likuona kachigawo kakang'ono kwambiri, mwina khoma lokhalokha kapena thambo lokhalokha, ndiye modelo sikudziwanso kuti ili pati ndipo ikapatsidwa mpata imadzaza ndi zake. Nambala zimenezi musazitenge ngati lamulo, zimasuntha malinga ndi modelo, koma kutsitsa pa ulendo wachiwiri kokhako sindinaonepo kukundigwiritsa mwala.

Kadenga ka mumtambo kaja kanali kulakwa kwanga. Ndinasiya pulomputi yoyambirira yonse, mawu ouza modelo choti ijambule, yonena za nyumba yansanjika, mitengo ndi anthu, ndiye thailo lililonse linkauzidwa kuti jambula nyumba, ngakhale thailo la thambo. Ndinafufuta zonsezo n'kusiya mawu ochepa onena za mtundu wa chithunzi basi, kuti ndi chithunzi chakuthwa chowala masana. Ndinayatsanso ControlNet ya `tile`, yomwe imagwira modelo dzanja kuti izitsatira zomwe zili m'thailomo, ndipo zitsulo za pakhonde zinasiya kuvina.

Misoko nayo ilipo. Pomwe mathailosi awiri akumana nthawi zina pamaoneka kamzere kapena mbali imodzi imawala pang'ono kuposa inzake, makamaka pa thambo ndi makoma opanda kanthu. Ndinakweza `padding` kufika 128 ndi `mask blur` kufika 16 kuti mathailosi aziona za anzawo oyandikana nawo. Njira yanga yowasakira ndi kutsegula chithunzi mu GIMP, kukokera `Curves` mopyola muyezo mwadala kwa kanthawi, msoko ukakhalapo umatulukira poyera ngati mizere ya bwalo la mpira, ukaona n'kubweza. Pa 100% simungauone bwino, umaonekera chithunzi chikachepetsedwa, ngati mmene munthu woima patali adzachionere.

Chomwe chinandipatsa zotsatira zabwino kwenikweni si batani lina lililonse koma kusakaniza. Ndinali ndi zithunzi ziwiri zofanana kukula, cha ESRGAN yokha ndi cha mathailosi, ndinaziika pa maleya awiri. Njerwa, udzu ndi masamba ndinatenga za mathailosi. Thambo, magalasi ndi mafelemu a mawindo ndinatenga za ESRGAN, poti kumeneko kusalala ndi komwe ndikufuna ndipo kulibe misoko. Timunthu tija nkhope zake zinali zoopsa mbali zonse ziwiri, ndiye ndinazikonza pazokha ndi `inpaint`, yomwe imajambulanso pomwe wasankha pokha, pa kachigawo komweko. Chikwangwani cha pakhomo ndinachifufutiratu, zilembo zopangidwa ndi modelo zikakula zimangoonekeratu kuti si zilembo, ndipo mawu onse pamodzi ndi mizere ya pulani ndinadzaziika pamapeto ngati vekitala, zomwe zimatuluka zakuthwa pa kukula kulikonse. Pa thambo ndinawazapo timadontho tochepa kwambiri, chifukwa buluu wosalala wochoka kowala kupita kodera amakonda kutuluka mizeremizere ngati masitepe akapulintidwa pa pepala lalikulu.

Apa ndinali pa 4864 x 3328 pomwe ndikufuna 5002 x 3543, kupereweza pafupifupi 6%. Sindinabwererenso ku modelo chifukwa cha kachidutswa kameneko, ulendo wachitatu ukanangowonjezera zopeka. Lanczos wamba wa mu ImageMagick, njira yokulitsira ya masamu chabe yosapeka kanthu, anakwanira, n'kudula zotsala za m'mbali, mapikiseli 88 uku 88 uku:

```
magick final.png -filter Lanczos -resize "5002x3543^" -gravity center -extent 5002x3543 -units PixelsPerInch -density 150 bolodi.tif
```

Dziwani kuti `-density 150` siwonjezera kanthu pa chithunzi, imangolemba m'fayilo kuti ipulintidwe pa kukula kotani. Ndimaona anthu akusintha 72 kukhala 300 m'bokosi lija n'kumaganiza kuti akonza, pomwe mapikiseli ndi omwe aja. Komanso m'njira monsemu ndinkasunga PNG kapena TIFF, JPEG ayi, chifukwa timabokosi take tosaoneka tija modelo imatitenga ngati mbali ya chithunzi n'kutikulitsa.

Ndisanatumize ndinadula kachigawo kovuta kwambiri, pomwe pali khonde, njerwa ndi masamba pamodzi, n'kukapulinta pa A4:

```
magick bolodi.tif -crop 1100x1600+2000+900 +repage yeso.tif
```

Populinta musankhe `Actual size` kapena 100%, osati `Fit to page`, apo ayi mukudzinamiza nokha. Ndinamata pepalalo pakhoma, n'kuima mita imodzi, kenako kuyandikira. Zinthu zomwe zinkandisowetsa tulo pa zumu ya 200% pa pepala sizinkaoneka n'komwe, koma zinatuluka zina ziwiri zomwe sikirini inandibisira. Mithunzi ya pansi pa khonde inali yakuda bii, zonse za m'katimo zitamira, poti sikirini imawala yokha pomwe pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda. Ndipo kunoletsa chithunzi komwe ndinawonjezera kunasiya kamzere koyera m'mphepete mwa denga pomwe lakumana ndi thambo. Ndinakweza mithunzi pang'ono, kunoletsa ndinakuchepetsa ndi theka n'kukuchotseratu pa mzere wa denga, n'kupulintanso kachigawo komweko.

Za mitundu ndinafunsa opulinta m'malo mongoganiza, anati ndisiye mu sRGB ndi pulofayilo yake m'kati, kusandutsa adzachita okha pa makina awo, ndipo ndi bwino choncho chifukwa makina akuluakulu ambiri ali ndi inki zoposa zinayi, ukawasandutsira wekha ku CMYK umangotaya mitundu pachabe. Ndinawapemphanso kachidutswa koyesera pa pepala lenileni lomwe adzamate pa bolodi, losanyezimira lija, poti limamwa inki mosiyana ndi la kunyumba. Kachidutswako kanabwera kobiriwira kwa masamba katazilala pang'ono, ndinakukweza pa leya ya mitengo yokha, n'kutumiza TIFF yomaliza.