Ogula atatu, nyumba imodzi: mmene timachitira pa ofesi yathu

Bizinesi yathu ndi yogulitsira anthu nyumba mu Lilongwe, ndipo lamulo limene timayendera pa ntchito yathu ndi ili: ogula akachuluka, onse amve zofanana, tsiku limodzi. Timauza aliyense kuti pali enanso amene akuifuna, koma mtengo umene wina wapereka sitiulula. Kuulula kumasandutsa malonda kukhala okushoni yamseri, ndipo wogula akazindikira kuti dzina lake lagwiritsidwa ntchito kukweza mtengo, sabwereranso.

Timaika tsiku lotsekera, mwachitsanzo Lachisanu 12 koloko masana. Aliyense amalemba kalata yonena mtengo wake womaliza, kumene ndalama zichokere, ndi tsiku limene adzamalize kulipira. Zonena pakamwa sitiziwerengera.

Tiyerekeze nyumba ya ku Area 25 imene mwini akufuna K80 miliyoni. Woyamba wapereka K78 miliyoni, ndalama zili kale ku akaunti. Wachiwiri K85 miliyoni kudzera pa ngongole ya banki. Wachitatu K82 miliyoni, kulipira pang'onopang'ono miyezi isanu ndi umodzi. Makalata onse atatu timawaika pamaso pa mwini nthawi imodzi, chifukwa wosankha ndi iyeyo.

Apa ndi pamene eni ambiri amathamangira K85 miliyoni, ndipo timawapempha adekhe. Banki imatumiza munthu wake kudzayesa mtengo wa nyumba, ndipo imabwereketsa gawo chabe la mtengo umene iye wapeza. Akanena kuti nyumbayo ndi ya K75 miliyoni, wogula ayenera kupeza yekha zotsalazo, ndipo malonda ambiri amafera pomwepa patadutsa kale milungu. Choncho timafuna kuona kalata ya banki, osati lonjezo. Zolipira pang'onopang'ono zili ndi vuto lakenso: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankadikira ndalama zotsala analandira ndalama zopanda mphamvu.

Mwini akasankha, wopambana amasaina mgwirizano ndi kupereka dipoziti kwa loya. Dipoziti timalandira kwa munthu mmodzi yekha.

Otsalawo timawaimbira foni tsiku lomwelo, asanamve kwa mlonda kapena kwa anansi, kenako uthenga wolemba umatsatira. Timati: “Bambo, zikomo kwambiri chifukwa cha chidwi chanu pa nyumba ija. Eni ake asankha wogula wina. Pepani ndithu, tikudziwa kuti munaikonda.” Akafunsa chifukwa, timayankha zoona popanda kutchula ndalama za mnzawo: “Mayi, mtengo wanu unali wabwino, koma eni ake anafuna ndalama zomalizika msanga.”

Amene ali pa nambala yachiwiri timamuuza poyera kuti ndi wachiwiri, ndipo timamufunsa ngati angalole kuti timuimbire woyambayo akalephera kusaina m'masiku 14. Timamuuzanso kuti asasiye kufunafuna nyumba ina podikira ife.