Mmene ndinasankhira mawu a pamwamba pa chikwangwani cha golosale yanga

Golosale yanga ili m'mbali mwa msewu ku Ndirande, ndipo ndimagulitsa mpunga, nyemba, shuga, mafuta ophikira ndi sopo. Pamene ndinkafuna chikwangwani chatsopano, mnyamata wolemba zikwangwani anandiuza kuti mzere wa pamwamba usapitirire mawu asanu ndi limodzi, apo ayi zilembo zichepa moti munthu wa m'minibasi sangathe kuwerenga. "Bwana, sankhani chinthu chimodzi choti anthu akudziweni nacho," anatero. "Zotsalazo tiziika m'munsi."

Ndinatenga kope n'kulemba zonse zimene ndimanyadira: mitengo yotsika, mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga, sikelo yosabera, kutseka mochedwa, kulandira Airtel Money ndi Mpamba, komanso mpunga wopeta ndi kusankha kale. Zonsezi n'zoona, ndipo mtima unkafuna zonse zikwere pamwamba. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Munthu wodutsa amangoponya diso kamodzi, ndipo akaona zinthu zambirimbiri sagwirapo n'chimodzi chomwe.

Funso loyamba limene ndinadzifunsa pa chilichonse linali lakuti: kodi mnzanga wa golosale yoyandikana nane angalembenso zomwezi? Za ndalama za pafoni zinagwa pomwepo, chifukwa aliyense amalandira. Kilombero nayenso anagwa. Wogulitsa mpunga aliyense amati wake ndi Kilombero, ndipo dzinalo limangotchula katundu, silinena chimene wogula apindule.

Funso lachiwiri linali lakuti: kodi lonjezoli ndingalisunge tsiku lililonse? Apa ndi pamene mitengo yotsika inagwera, ngakhale ndi imene ambiri timathamangira. Mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya kooda inkasintha pafupipafupi, pomwe penti ya pachikwangwani sisintha. Ukalemba kuti ndiwe wotchipa, kasitomala n'kukapeza shuga wotsikirapo kutsidya kwa msewu, chikwangwani chako chomwe chimakusandutsa wabodza. Kutseka mochedwa nakonso sindikanalonjeza, poti magetsi akazima ndimatseka msanga.

Zinatsala ziwiri, sikelo ndi mpunga wosankha. Sikelo inandivuta kuisiya, chifukwa kuberedwa pa muyezo kumawawa anthu kwambiri. Komabe wogula wopanda sikelo kunyumba sangatsimikize yekha kuti ndanena zoona, ndiponso mawuwo akanamveka ngati ndikunena anzanga ogulitsa kuti ndi akuba. Mwala mumpunga ndiye aliyense amaudziwa ndi dzino lake madzulo omwewo.

Ndisanamalize, ndinayamba kufunsa makasitomala obwerabwera chimene amadutsira magolosale ena n'kudzagula kwa ine. Sindinkawatchulira mndandanda wanga, kuopa kuwaikira mawu m'kamwa. Mayi wina wogwira ntchito m'tauni anandiyankha uku akumanga jumbo lake: "Achimwene, ine ndimafika kwada. Mpunga wanuwu ndimangotsuka n'kutereka, sindikhalanso pansi ndi lichero." Enanso angapo ananena zofanana, ndipo palibe anatchula Karonga.

Yankho la mayiyu linasintha kalembedwe. Ine ndinkaganiza zolemba kuti "Timapeta ndi kusankha mpunga wathu", koma mawu amenewo akunena za ntchito yanga. Wogula akufuna kumva za mphika wake ndi nthawi yake. Ndinayesanso "Mpunga wabwino kwambiri", n'kuona kuti mawu oti "wabwino" saloza kanthu kooneka. Potsiriza ndinalemba kuti: "Mpunga wopanda miyala: ingotsukani, phikani." Ndinawawerengera mwana wa sukulu kamodzi, n'kumuuza kuti abwereze patapita kanthawi. Anabwereza osaphonya, ndiye ndinapereka kwa wolemba uja. M'munsi, m'zilembo zazing'ono, tinaika Kilombero, nyemba, shuga ndi za Mpamba. Mzere womwewo ndi umene ndimaika pa WhatsApp limodzi ndi chithunzi cha mpunga uli m'lichero.

Lonjezo lotere lili ndi mtengo wake. Thumba lililonse la makilogalamu 50 liyenera kupetedwa ndi kusankhidwa lisanafike pa sikelo, ndipo mankhusu ndi timiyala tikachoka limapepukako, choncho ndinawerengera zimenezo pa mtengo wa kilogalamu. Tsiku limene sitinathe kusankha, thumbalo silitsegulidwa, ngakhale anthu akufuna.

Kuti ndidziwe ngati mawuwo akugwira ntchito, ndimamvetsera zimene nkhope zachilendo zimanena zikafika pa kauntala, ndipo ndimachonga m'kope aliyense wofunsa "mpunga wopanda miyala uja". Akanakhala kuti onse akungofunsa mtengo basi, ndikanadziwa kuti mzerewo sukuwafika ndipo ndikanabwerera kwa makasitomala kukafunsanso. Pano ambiri obwera chifukwa cha mpunga amatenganso mafuta ndi nyemba, zimene zili m'zilembo zazing'ono zija.