Invoisi 4183 kapena 4188?

Ndimagwira ntchito mu ofesi ya maakaunti pa kampani ina yogulitsa katundu wopikulitsa ku Limbe. Ntchito yanga ndi kulowetsa ndalama zomwe makasitomala alipira, ndalama iliyonse pa invoisi yake.

Lolemba m'mawa kasitomala wina wa ku Mzuzu anatumiza remitansi pa WhatsApp. Remitansi ndi kapepala konena kuti ndalama yomwe watumiza ikulipira mainvoisi ati. Koma anajambula ndi foni, pepala lili lopindika, chidindo chitagwera pa nambala. Mizere iwiri inkawerengeka bwino, 4170 ndi 4176. Wachitatu sunkaoneka ngati ndi 4183 kapena 4188. Mainvoisi onse awiriwo ndi ake, ndipo ndalama zake n'zofanana chifukwa amaoda katundu yemweyo kawirikawiri.

Sindinalowetse kanthu tsiku limenelo. Chithunzi si ndalama. Ndimadikira kaye sitetimenti ya ku banki. Ndalama inaoneka Lachiwiri, koma yoperewera K72,000 poyerekeza ndi mainvoisi atatu aja.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, n'kuyamba kuimbira kasitomala kuti sanamalize kulipira. Ine ndinatenga mtengo wa katundu tisanaikepo VAT, womwe unali K2,400,000, n'kuwerengera 3 peresenti. Inakwana K72,000 ndendende. Ndiye kuti anadula msonkho woti akapereke ku MRA m'dzina lathu. Ndalama yotere si ngongole yake, koma sindingaichotse pa akaunti yake popanda setifiketi yosonyeza kuti msonkhowo unadulidwadi. Popanda pepala limenelo kampani yathu singathe kuiwerengera pa msonkho wake, ndipo ndalamayo ingangopita.

Lachitatu ndinalowetsa ndalama pa 4170 ndi 4176. Yotsalayo ndinaisiya pa akaunti yake ngati `Unallocated`, yosamangidwa ku invoisi iliyonse. Mnzanga anati, “Achimwene, ingoikani pa yakaleyo, ndalama zake n'zofanana.” Ndinakana. Mukaika pa invoisi yolakwika, ngongole yonse imaoneka yolondola, moti palibe angazindikire msanga. Vuto limatulukira pakutha pa mwezi, sitetimenti yathu ikamamufunsa invoisi yomwe iye m'mabuku ake anatseka kale.

Lachinayi ndinaimbira mayi wosunga mabuku kumeneko. “Mayi, pepani, tajambulaninso pepala lija mutaliyala patebulo, pamalo owala.” Chithunzi chitabwera, nambala inali 4188. Nditafunsa chifukwa chomwe anadumphira 4183, anati makatoni ena a oda imeneyo anafika onyowa, ndipo akudikira kuti tiwachotsere mtengo wake. Nkhani imeneyi sinali itafika mu ofesi mwathu. Ndikanatsatira mnzanga uja, dandaulo lawo likanakwiririka.

Lachisanu ndinatseka 4188, n'kudziwitsa a ku sitolo za makatoni aja. K72,000 ija ikadali pa akaunti yawo. Ndalembapo kuti tikudikira setifiketi, ndipo Lolemba ndiwaimbiranso.