Tsiku limene loji ya ku Muldersdrift inapezeka ili ndi nyanja

Kabizinesi kathu kanayambira pa tebulo lodyera m'nyumba ya lendi ku Rosettenville, mu mzinda wa Joni. Amuna anga amakonza mapepala pa kompyuta: mapulogalamu a maliro a anzathu amene thupi likupita kumudzi, makadi a zinkhoswe, mapepala oitanira anthu ku misonkhano ya mpingo. Ine ndinagwira ntchito zaka zingapo yoperekera zakudya m'maloji a ku Muldersdrift, kufupi ndi Joni, ndiye nditasiya ndinatenga mbali yoyenda kwa makasitomala. Oyang'anira maloji ena ankandidziwa kale, ndipo mayi mmodzi mwa iwo ndi amene anatipatsa ntchito yathu yoyamba ya bulosha.

Ankafuna pepala la A4 lopinda patatu, loti aziika m'mashelefu a ku maofesi oyendetsa alendo. Mkati mwake ankafuna chithunzi chimodzi chachikulu cha khonde la pa dziwe losambiramo nthawi ya madzulo. Ndalama yolemba katswiri wojambula analibe, ndipo zithunzi zimene anali nazo pa foni zinali za masana, dzuwa lili paliwombo, madzi akuthwanima ngati malata. Amuna anga anati palibe vuto, tipanga ndi Midjourney, makina a pa kompyuta amene amapanga chithunzi mukawalembera mawu. Analemba mawu olamula makinawo, amene timangoti pulomputi, motere:

```
luxury lodge pool terrace in the evening, beautiful, relaxing, high quality
```

Chimene chinatuluka chinali chokongola kwabasi. Dziwe lopanda malire kutsogolo, mitengo ya kanjedza mbali zonse, ndipo kumbuyo kwake nyanja yaikulu dzuwa likumira. Tinaombera m'manja, n'kutumiza. Mayi aja anandiimbira foni osadutsa mphindi khumi kufunsa ngati ndaiwala malo amene ndinagwirapo ntchito. Joni ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo nyanja yapafupi ili cha ku Durban, ulendo wa maola angapo pa galimoto. Ananenanso chinthu chimene sitinkachiganizira: mlendo akabwera chifukwa cha chithunzi n'kupeza zina, si manyazi okha ayi, lamulo loteteza ogula la 2008 la dziko lino limaletsa kutsatsa malonda mosocheretsa.

Makina aja sanalakwe. Mukangowauza kuti "luxury" ndi "pool" osatchula china, amadzaza malo otsalawo ndi zimene zachuluka m'zithunzi zimene anaphunzirapo, ndipo zithunzi zambiri za mahotela apamwamba ndi za m'mphepete mwa nyanja. Chilichonse chimene simunanene, asankha okha.

Loweruka lotsatira ndinakwera takisi ndi kope m'manja, ndinakakhala pa khonde lija kuyambira 5 koloko mpaka mdima. Munali mu Novembala. Ndinalemba zimene maso anga ankaona, osati zimene ndinkafuna kuona. Dziwe ndi la makona anayi, laling'ono, masitepe ake ali pakona ya kumanzere. Pansi pa khonde ndi miyala yofiirira. Pali mipando yogonera inayi yamatabwa, matebulo awiri ozungulira, chigafa cha udzu kudzanja lamanja, mtengo umodzi wa jakaranda umene nthawi imeneyo unali utachita maluwa, ndi khoma lalifupi kumbuyo. Khonde layang'ana kumadzulo.

Chimene ndinaphunzira kwambiri tsiku limenelo ndi chakuti "madzulo" si nthawi imodzi. Dzuwa lisanalowe, kuwala kumakhala kwachikasu, mithunzi yaitali, ndipo magetsi a pa khonde sakuonekabe ngakhale muwayatse. Mdima ukagwa, thambo limada bii, dziwe limangooneka ngati chibowo chowala, chigafa chimasowa. Pakati pa ziwirizi pali kachisisira, mphindi pafupifupi 20 dzuwa litangolowa, pamene thambo lili la buluu wozama koma likuwalabe, ndipo mababu achikasu ayamba kumveka mphamvu. Zithunzi za mahotela zimene mumasirira zambiri zimajambulidwa pa nthawi imeneyi. Dzina lake limene makina amalimva ndi `blue hour`. Mukalemba `sunset` mupeza thambo lofiira ndi dzuwa lenileni m'chithunzi, mukalemba `night` mupeza mdima. Kuno ku Joni kachisisira kameneka sikachedwa. Mukapita kukatunga tiyi mupeza katha.

Usiku umenewo tinakhala pansi. Ine ndikuwerenga m'kope, amuna anga akutembenuza.

"Mayi a mwana, mawu akuti 'beautiful' tichotse?"

"Chotsani bambo. Malo ake lembani mtundu wa miyala."

Pulomputi yachiwiri inatuluka chonchi:

```
small rectangular pool at a country lodge, blue hour, sandstone paving,
four wooden loungers, thatched lapa on the right, one jacaranda in bloom,
warm 2700K lanterns, soft underwater light, calm water with reflections,
eye level, 24mm lens, clear sky in upper third
--ar 7:5 --no palm trees, ocean, people, text
```

Mawu onsewa ali ndi ntchito yake, koma ndifotokoze ochepa amene anasintha zinthu. Tinayamba ndi dziwe ndi nthawi chifukwa ndizo msana wa chithunzi. Nambala ija ya 2700K ndi ya mababu achikasu aja a m'nyumba. Popanda iyo makina ankatipatsa kuwala koyera kwa ku chipatala. Chikasu cha nyali ndi buluu wa thambo zikakumana, m'pamene malo amaoneka ofunda, oti munthu akhalepo ndi chakumwa. Mawu akuti `eye level` amaika kamera pa msinkhu wa munthu woimirira, chifukwa makina akasiyidwa okha amakonda kujambula kuchokera m'mwamba ngati mbalame, pomwe mlendo sadzaonapo malowo kuchokera kumeneko. Ndipo `24mm` imatanthauza diso la kamera lotambalala loti dziwe ndi chigafa zikwane pamodzi. Tinayesapo lotambalala kuposa apo, dziwe laling'ono lija linatalika ngati la mpikisano, bodza lina limenelo.

Thambo lopanda kanthu kumtunda tinalipempha dala, kuti pakhale polemba dzina la loji ndi nambala ya foni. Anthu ambiri amaiwala zimenezi, kenako amakakamiza malemba pamwamba pa masamba a mtengo, osawerengeka. Malembawo timaika tokha pambuyo pake, n'chifukwa chake `text` ili m'gulu la zokanidwa, zotsatira `--no`: makina akamalemba okha zikwangwani, kawirikawiri zilembo zimapotoka. Anthu tinawakananso. Munthu wopangidwa ndi makina amabweretsa mavuto a zala ndi nkhope, komanso mpando wopanda munthu umaitana woonayo kuti adziikepo yekha.

Za `--ar 7:5`, zimene zimauza makina muyezo wa mulitali ndi mulifupi wa chithunzi, ndi masamu a pepala. A4 chogona ndi mamilimita 297 ndi 210, ndipo 7:5 ndi muyezo umene uli pafupi kwambiri. Osindikiza amafuna muonjezere mamilimita 3 mbali iliyonse oti mpeni udye podula, ndiye chithunzi chimakhala 303 ndi 216. Kuti chisindikizidwe bwino pa madontho 300 pa inchi, chimafunika mapikiselo pafupifupi 3579 ndi 2551. Chimene makina amatulutsa poyamba ndi chaching'ono kwambiri poyerekeza ndi apa, ndiye chiyenera kukulitsidwa, ndipo pokulitsapo m'pamene zolakwika zimaonekera.

Ntchito yofufuza ndi yanga, poti ndinapukuta mipando yoteroyo zaka zambiri. Ndimakulitsa chithunzi pa sikirini n'kuyamba ndi miyendo ya mipando. Pa chithunzi china mpando unali ndi miyendo isanu, wina unalowa m'mwala. Kenako ndimawerenga nyali: zikakhala zitatu pa chigafa, m'madzi muonekenso zitatu, molunjika pansi pake. Pa china m'madzi munkaoneka nyali zimene kumtunda kunalibe. Ndimayang'ananso mithunzi ngati ikuthawa nyali kapena ikuloza kulikonse, ndi mizere ya miyala ngati ikupitirira bwino kapena yasungunuka pakati. Pomaliza timapinda pepala loyeserera, chifukwa mizere iwiri yopindira imadula chithunzi patatu, ndipo tsiku lina mzere unadutsa pakati penipeni pa tebulo.

Chithunzi chachiwiri mayi aja anachikonda, koma anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti masitepe a dziwe ali kumanja pomwe awo ali kumanzere, ndipo chigafa chakula. Ankanena zoona. Apa ndiye pali malire a pulomputi: imatha kupanga malo ofanana ndi anu, koma sipanga malo anu. Tinayesa kulemba mbali ya masitepe kangapo, makina ankamvera lero, mawa ayi.

Tinachita chonchi. Tinatenga chithunzi cha makina chija ngati pulani, tinabwerera ku loji Lachiwiri kulibe alendo. Tinakonza mipando monga inaliri m'chithunzimo, tinachotsa paipi yoyeretsera dziwe, tinazimitsa pampu kuti madzi adekhe, tinayatsa nyali zonse dzuwa lisanalowe. Foni tinaimanga pa kamtengo ka miyendo itatu, chifukwa pa kuwala kochepa dzanja likangonjenjemera chithunzi chimachita chimbuuzi. Tinajambula mphindi ziwiri zilizonse mpaka mdima, ndipo zabwino zinapezeka zitatu zokha. Kumadzulo kunali mitambo yotsala ya mvula ya masana ija ya chilimwe cha kuno, ndiye amuna anga anasankha thambo lokha m'chithunzi chenicheni, n'kulamula makina kuti asinthe pamenepo basi:

```
clear deep blue dusk sky, faint orange glow at horizon
```

Dziwe, masitepe, chigafa ndi jakaranda zinatsala zenizeni.

Tinatsala pang'ono kugwanso kwa osindikiza. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, pomwe makina osindikizira amasakaniza inki zinayi za CMYK, ndipo buluu wozama amakonda kutembenukira ku pepo. Pepala loyeserera litatuluka, thambo linafanana ndi maluwa a jakaranda, mtengo n'kusowa. Anachepetsa inki yofiirira pa thambo, tinasindikizanso limodzi, kenako m'pamene tinalola onse. Kuyambira pamenepo sitilipira ntchito yonse tisanagwire pepala limodzi m'manja ndi kuliona panja pa dzuwa.

Pano makasitomala athu ndi maloji angapo a ku Muldersdrift ndi nyumba zogona alendo ziwiri za ku Kempton Park, kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Aliyense watsopano ndimamufunsa kaye kuti khonde lake layang'ana kuti, ndipo ndimapempha kubwera madzulo ndi kope langa. M'mwezi wa Juni dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti faifi, ndiye ndimanyamuka ku Rosettenville nditangodya nkhomaliro, ndi juzi ziwiri m'chikwama. Jakaranda uja timamutchula mu pulomputi pokhapokha mwini wake atavomera kuti bulosha ndi ya Okutobala ndi Novembala. Ya chaka chonse timalemba `one leafy tree`.